Matimu 12, masiku anayi, bwalo limodzi: chipulula kapena ligi?

Komiti ikakhala pansi kukonza mpikisano wa mpira wa m'dera, sipalephera kubuka mbali ziwiri. Ena amafuna chipulula, choti wagonja watuluka, chifukwa chimatha msanga ndipo masewero aliwonse amakhala otentha. Ena amafuna ligi, yoti timu iliyonse ikumane ndi inzake iliyonse, chifukwa amati ndiyo imaonetsa katswiri weniweni. Onsewa akunena zoona, koma masiku akakhala ochepa, mkanganowu suthetsedwa ndi mawu. Umathetsedwa ndi manambala awiri amene komiti iyenera kukhala nawo isanatchule n'komwe mtundu wa mpikisano. Yoyamba ndi ya masewero amene bwalo lingakwanitse kulandira pa masiku amene alipowo. Yachiwiri ndi ya masewero amene miyendo ya osewera ingapirire.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Matimu amene alembetsa ndi 12. Bwalo ndi limodzi, lopanda magetsi. Masiku ndi anayi: Loweruka ndi Lamlungu la sabata ino, kenako Loweruka ndi Lamlungu la sabata yamawa. Mpira ukhoza kuyamba 8 koloko m'mawa ndipo uyenera kutha pofika 5 koloko madzulo, kutanthauza maola 9 kapena mphindi 540 patsiku.

Bwalo lili ndi mipata ingati?

Cholakwika chimene chimagwetsa ndandanda zambiri ndi kuwerengera masewero amodzi ngati mphindi 90 basi. Pamwamba pa mphindi 90 pali nthawi yopuma, imene malamulo a mpira amati isapitirire mphindi 15. Pali mphindi zimene oyimbira amawonjezera kumapeto kwa chigawo chilichonse. Palinso nthawi yoti matimu amene amaliza atuluke, ena alowe, mayina a osewera aonedwe, makaputeni asankhe mbali. Zonsezi mukaziphatikiza, masewero athunthu amadya maola awiri. Pa mphindi 540 mumalowa masewero anayi okha, n'kutsala ola limodzi. Masiku anayi akupatsani mipata 16.

Mipata imachuluka mukafupikitsa masewero, ndipo malamulo amalola. Lamulo 7 la m'buku la IFAB, bungwe lopanga malamulo a mpira, limati masewero ndi zigawo ziwiri zofanana za mphindi 45, koma zikhoza kuchepetsedwa ngati oyimbira ndi matimu onse awiri agwirizana mpira usanayambe ndiponso ngati malamulo a mpikisanowo akutero. N'chifukwa chake kutalika kwa masewero kuyenera kulembedwa m'malamulo a mpikisano, osati kukambirana pabwalo dzuwa litapendeka. Mukasewera zigawo za mphindi 35, kupuma mphindi 10, n'kusiya mphindi 15 zosinthanirana matimu, mpata umodzi ndi mphindi 95. Patsiku mumalowa masewero asanu, ola limodzi n'kutsalabe, ndipo masiku anayi akupatsani mipata 20. Mukatsika mpaka zigawo za mphindi 30, mpata ndi mphindi 85, masewero 6 patsiku, mipata 24 pamodzi. Koma apa zotsala patsiku ndi mphindi 30 zokha, ndipo tiona kutsogoloku kuti zimenezi n'zochepa.

Ndiye m'manja tili ndi 16, 20 kapena 24. Tsopano tikhoza kufunsa mtundu uliwonse wa mpikisano kuti ukufuna mipata ingati.

Ligi yathunthu

Masewero a ligi yokumana kamodzi amapezeka motere, n kukhala chiwerengero cha matimu: n × (n − 1) ÷ 2. Pa matimu 12 ndi 12 × 11 ÷ 2, yankho lake 66. Bwalo lathu, pa masewero anayi patsiku, lingafune masiku 17. Ngakhale mutabwereka mabwalo ena atatu, vuto lachiwiri silichoka: timu iliyonse iyenera kusewera ka 11 m'masiku anayi, pafupifupi katatu tsiku lililonse. Ligi yathunthu yagwa pomwepo.

Chimene chimanyenga anthu n'choti masewero a ligi sakula mofanana ndi matimu. Matimu 6 ndi masewero 15. Mukawirikiza matimuwo kukhala 12, masewero sakhala 30, amakhala 66. Timu iliyonse yatsopano imabwera ndi masewero ochuluka ngati matimu onse amene yawapeza. Choncho pa mipata yathu, ligi ingatheke pokhapokha matimu atakhala osapitirira 6, kapena 7 ngati masewero ali afupi, chifukwa matimu 7 ndi masewero 21. Ndipo ngakhale pa matimu 6, timu iliyonse ili ndi masewero asanu pa masiku anayi, kotero tsiku lina iyenera kulowa m'bwalo kawiri.

Matimu akakhala anayi kapena asanu, ine sindizengereza, ndimasankha ligi. Anayi ndi masewero 6, asanu ndi masewero 10, ndipo chipulula cha matimu anayi chimatha ndi masewero atatu okha, anthu asanakhutire. Koma lathu ndi la matimu 12.

Chipulula

Chipulula n'chosavuta kuwerengera. Masewero aliwonse amatulutsa timu imodzi, ndipo kuti patsale katswiri mmodzi payenera kutuluka matimu onse kupatula imodzi. Matimu 12 ndi masewero 11, kapena 12 mukawonjezera olimbirana nambala yachitatu.

Povuta ndi poti chipulula chimayenda bwino matimu akakhala 4, 8, 16 kapena 32, manambala amene amagawika pakati mpaka kufika pa imodzi. Nambala 12 ikagawidwa pakati ikupereka 6, kenako 3, ndipo matimu atatu sangapange ndime ya matimu anayi. Mankhwala ake ndi kulola matimu ena kudumpha ndime yoyamba osasewera. Kuti mudziwe kuti ndi angati, tengani nambala yogawika bwino yotsatira, apa ndi 16, muchotsepo 12. Matimu anayi adumpha. Otsala 8 akumana okhaokha, anayi apambana, ndipo pamodzi ndi anayi odumpha aja akwanitsa ndime ya matimu 8. Kudumpha konse kuchitike m'ndime yoyamba. Komiti imene imasiya nkhaniyi mpaka pakati imadzapezeka ikulowetsa timu mu fainolo mwaulere, ndipo mkangano wake sutha.

Pa masiku athu anayi chipulula chikukhala bwino kwambiri. Loweruka loyamba masewero anayi a ndime yoyamba, Lamlungu anayi a ndime ya matimu 8, Loweruka lachiwiri awiri a ndime ya matimu anayi, Lamlungu fainolo. Onse akhoza kukhala a mphindi 90, ndipo palibe timu yosewera kawiri patsiku. Chofunika kusamala ndi masewero othera kufanana mphamvu, popeza m'chipulula payenera kupezeka wopambana. Mapenate amadya mphindi 15 kapena kupitirira. Masewero onse anayi a tsiku limodzi atathera ku mapenate, ndiye 4 × 135, mphindi 540 ndendende, tsiku lonse latha. Mphindi 30 zowonjezera sizingalowe. Lembani m'malamulo kuti akafanana mphamvu apite ku mapenate nthawi yomweyo, ndipo ngati mukufuna nthawi yowonjezera, muisungire fainolo yokha.

Mtengo wa chipulula umalipiridwa ndi matimu ofooka komanso amene tsiku lawaipira. Matimu anayi akuthera pa Loweruka loyamba atasewera kamodzi. Timu yodumpha ndime yoyamba ikagonja Lamlungu, nayonso yasewera kamodzi. Choncho matimu pakati pa anayi ndi 8 atuluka atasewera kamodzi kokha, ndipo pofika madzulo a tsiku lachiwiri matimu 8 mwa 12 alibenso chochita. Pa mpikisano wa m'dera izi n'zazikulu, chifukwa osewerawa akhala akukonzekera kwa masabata, ndipo ochemerera awo nthawi zambiri sabweranso timu yawo ikatuluka.

Palinso nkhani ya mwayi. Masewero amodzi sanena zoona zonse za timu. Mu 2010 Spain idagonja 1-0 ndi Switzerland pa masewero ake oyamba a chikho cha dziko lonse, koma ndiyo idatenga chikhocho. Mu 2022 Argentina idagonja 2-1 ndi Saudi Arabia poyambirira, kenako idakhala katswiri. Chikadakhala chipulula kuyambira tsiku loyamba, matimu awiriwa akadalongedza katundu. Ndipo masewero akafupikitsidwa, mwayi umakula, chifukwa timu yabwino imakhala ndi nthawi yochepa yobwezera chigoli chimene yamwetsedwa mwangozi.

Kusafanana kwina kumabwera ndi kudumpha kuja. Lamlungu loyamba, timu imene yathamanga mphindi 90 dzulo lake ikukumana ndi imene yangopuma. Ngati pali zotsatira za chaka chatha, kudumpha kuperekedwe kwa matimu anayi amene adachita bwino, aliyense adziwe chifukwa chake. Ngati palibe, achite maere pamaso pa nthumwi za matimu onse.

Chipulula chikhoza kufewetsedwa. Pa mipata 16 tagwiritsa ntchito 11, ndipo isanu ili chabe pa sabata yachiwiri. Matimu anayi ogonja m'ndime yoyamba akhoza kupikisana okhaokha pa kachikho kakang'ono: masewero awiri Loweruka lachiwiri, fainolo yawo Lamlungu m'mawa. Ndi masewero atatu okha owonjezera, ndipo anayiwo asewerako kawiri. Sizipulumutsa timu yodumpha imene yagonja Lamlungu loyamba, koma n'zabwino kuposa kusiya bwalo lili duu.

Njira yapakati: magulu kenako chipulula

Mipikisano yambiri ikuluikulu imaphatikiza ziwirizi: ligi zing'onozing'ono m'magulu, kenako chipulula cha opambana. Matimu 12 amagawika m'njira ziwiri zoyenera kuziganizira.

Yoyamba ndi magulu atatu a matimu anayi. Gulu lililonse lili ndi masewero 6, pamodzi 18, kuphatikiza awiri a ndime ya matimu anayi ndi fainolo, zonse 21. Izi zikufuna ndandanda ya mipata 24, ya zigawo za mphindi 30. Papepala zikuoneka bwino: masiku atatu oyamba masewero 6 patsiku, timu iliyonse kamodzi patsiku, ndipo aliyense watsimikizika kusewera katatu. Timu ikhoza kupunthwa kamodzi n'kudzukanso.

Koma taonani kuthina kwake. Masiku atatu onsewo bwalo ladzaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi mphindi 30 zokha zapadera. Kuchedwa kumaunjikana. Masewero aliwonse akangodya mphindi 10 zoposa zimene mudawerengera, kaya chifukwa cha wovulala, kaya mpira watayika, kaya timu ikudikira goloboyi, omaliza ayamba mochedwa ndi mphindi 50 ndipo atha mphindi 30 itadutsa 5 koloko. Mvula ikaononga theka la tsiku, palibe poika masewero otsalawo. Chizindikiro choti ndandanda yotere yagwa chimaoneka m'mawa womwewo: masewero oyamba akayamba 8:20 m'malo mwa 8:00, dziwani kuti omaliza akhoza kuseweredwa kukuchita mdima, ndipo ndi bwino kudula mphindi zisanu pa chigawo chilichonse cha masewero onse otsala, matimu atauzidwa nthawi yomweyo, kusiyana n'kudula omaliza okha.

Vuto lachiwiri ndi loti magulu atatu akupereka opambana atatu, pamene ndime yotsatira ikufuna anayi. Wachinayi ayenera kukhala wabwino mwa matimu amene athera pa nambala yachiwiri, ndipo apa mukuyerekeza matimu amene sadakumane ndi adani ofanana. Timu imene idagwera m'gulu lokhala ndi timu yofooka kwambiri, yomwetsedwa zigoli zambiri, ndiyo imadutsa.

Vuto lachitatu ndi la masewero omaliza a m'gulu. Pa chikho cha dziko lonse cha 1982, Algeria idamaliza masewero ake tsiku limodzi West Germany ndi Austria zisanakumane mumzinda wa Gijón. Matimu awiriwo adalowa m'bwalo akudziwa kuti West Germany ikapambana ndi chigoli chimodzi kapena ziwiri, onse adutsa. West Germany idagoletsa poyambirira, mpira udazizira, udatha 1-0, ndipo Algeria idatuluka. Kuyambira chikho cha 1986, masewero awiri omaliza a gulu amaseweredwa nthawi imodzi. Ndi bwalo limodzi simungachite zimenezo, ndipo pamene nambala yachiwiri ingathe kudutsa, matimu osewera komaliza amadziwa zotsatira zimene zingawakomere onse awiri.

Njira yachiwiri ndi magulu anayi a matimu atatu, wopambana yekha n'kudutsa. Gulu lililonse lili ndi masewero atatu, pamodzi 12, kuphatikiza atatu omalizira, zonse 15. Iyi ndiyo ndingasankhe pa chitsanzo chathu, ndipo ndikufuna kuifotokoza bwinobwino chifukwa ili ndi misampha yake.

Magulu a matimu atatu ali ndi mbiri yoipa, ndipo n'zomveka. Timu imodzi imamaliza msanga n'kumaonerera anzake awiri akusewera komaliza akudziwa zonse. FIFA idafuna poyamba kuti chikho cha dziko lonse cha 2026 chikhale ndi magulu 16 a matimu atatu, awiri n'kumadutsa, koma mu 2023 idasintha n'kukonza magulu 12 a matimu anayi. Komatu ngozi yogwirizana zotsatira imakhala yaikulu pamene odutsa ali awiri mwa atatu. Wodutsa akakhala mmodzi, palibe zotsatira zokomera matimu onse awiri ali m'bwalo.

Chotsala ndi kuonetsetsa kuti masewero omaliza asakhale opanda phindu, ndipo pali njira yake. Musalembe ndandanda yonse ya gulu pasadakhale. Titchule matimu A, B ndi C. Loweruka loyamba A ikumana ndi B. Yogonja ndiyo ikumane ndi C Lamlungu, ndipo yopambana idikire kukumana ndi C Loweruka lachiwiri. Umu ndi mmene zidayendera m'ndime yachiwiri ya chikho chomwe chija cha 1982: Italy idagonjetsa Argentina 2-1, Argentina idakumana ndi Brazil n'kugonjanso, ndipo masewero omaliza, Italy ndi Brazil, ndiwo adagamula gulu, Italy n'kupambana 3-2.

Tiyese ndi manambala, kupambana kukhala mapointi atatu, kufanana mphamvu imodzi. A yagonjetsa B 2-0. Lamlungu B ikumana ndi C. C ikapambana, A ndi C zili ndi mapointi atatu iliyonse, ndipo kukumana kwawo kuli ngati fainolo. Zikafanana mphamvu, A ili ndi atatu, C ili ndi imodzi, ndipo C ikapambana komaliza ifika pa anayi n'kudutsa. B ikapambana, tinene 1-0, C ilibe pointi koma sinatuluke. Ikagonjetsa A, matimu onse atatu akhala ndi mapointi atatu, ndipo nkhani ipita ku kusiyana kwa zigoli zogoletsa ndi zomwetsedwa. C ikapambana 1-0, A ikhala pa +1, C pa 0, B pa −1, ndipo A yadutsa. C ikapambana 2-0, A itsikira pa 0, C ikwera pa +1, ndipo C ndiyo yadutsa. M'njira zonse zitatu, matimu onse awiri alowa m'bwalo komaliza ali ndi cholimbirana.

Pamene njirayi imafooka ndi pamene masewero oyamba athera kufanana mphamvu. Apo palibe wogonja, ndiye amene asewere Lamlungu asankhidwe mwa maere. Tinene wasankhidwa B ndipo wagonjetsa C. B yafika pa mapointi anayi, C singathenso kudutsa, ndipo A ikumana ndi timu yotuluka kale ikudziwa zigoli zimene ikufunika. Palibe ndandanda imene ingatsekeretu khomo limeneli pa bwalo limodzi. Chimene komiti ingachite ndi kupatsa nambala yachiwiri ya gulu phindu lake, monga malo m'masewero a kachikho kakang'ono pa tsiku lomaliza, kuti C ikhale ndi chifukwa chomenyera nkhondo. Ndiponso A ndi B ziuzidwe kuyambira pachiyambi kuti zikonzekere Lamlungu loyamba zonse ziwiri, popeza amene asewere adziwika Loweruka mpira ukatha.

Ndandanda yake ikhala motere. Masiku atatu oyamba, masewero anayi patsiku, gulu lililonse kamodzi, zigawo za mphindi 35. Patsiku pali mipata isanu, ndiye umodzi ukutsala tsiku lililonse woikamo masewero amene alephereka, kuwonjezera pa ola lija lapadera. Tsiku lachinayi, masewero a ndime ya matimu anayi ayambe 8:00 ndi 9:45, zigawo za mphindi 30, mapenate nthawi yomweyo akafanana mphamvu. Achiwiriwo atha cha m'ma 11:15 ngakhale patakhala mapenate. Fainolo, nayonso ya zigawo za mphindi 30, iyambe 3 koloko masana, kuti timu yomaliza kusewera ipume maola oposa atatu ndi theka. Pakati pa tsikulo bwalo lili ndi malo a masewero ena awiri afupi.

Miyendo ya osewera

Tsiku lomalizali ndilo lolemera, ndipo sitiyenera kulibisa. Timu yofika mu fainolo nthawi zambiri idzakhala itasewera mphindi 70 Loweruka ndi 120 Lamlungu, pamodzi 190 m'masiku awiri. M'chipulula cha mphindi 90 zikadakhala 180, m'magulu a matimu anayi 180 zomwezo. Kusiyana n'kochepa, koma kusewera kawiri tsiku limodzi kumapweteka kuposa kamodzi patsiku, makamaka kwa osewera amene sachita zolimbitsa thupi tsiku ndi tsiku. Kukokana kwa minofu ndi kuvulala kwa akatumba a m'ntchafu kumachuluka m'chigawo chachiwiri cha masewero achiwiri. Choncho lolani timu kulembetsa osewera ambiri, 18 kapena 20, ndi kusintha ambiri. IFAB imalola kuti pa mpira wa m'madera wosewera amene watuluka alowenso, ngati bungwe loyendetsa mpira m'dzikolo lavomereza. Musaiwale oyimbira: munthu mmodzi sangaimbire bwino masewero anayi otsatizana, ndiye pafunika awiri kapena atatu osinthana.

Zoyenera kulembedwa mpira usanayambe

Magulu amabweretsa mikangano imene chipulula chilibe, ndipo yonse imachokera pa zinthu zimene sizidalembedwe. Choyamba ndi dongosolo losiyanitsira matimu ofanana mapointi. Mipikisano ina imayamba ndi zotsatira za kukumana kwa matimuwo, ina imayamba ndi kusiyana kwa zigoli. M'gulu la matimu atatu, A ikagonjetsa B, B n'kugonjetsa C, C n'kugonjetsa A, kukumana sikusiyanitsa aliyense, ndiye kusiyana kwa zigoli kuyenera kukhalapo, kenako kuchuluka kwa zigoli zogoletsa, kenako kuchepa kwa makadi achikasu ndi ofiira, ndipo zonse zikafanana, maere. Dongosolo lililonse n'labwino malinga lalembedwa ndipo nthumwi za matimu zasainira mpira usanagundidwe.

Chachiwiri ndi timu yosabwera. M'chipulula nkhani yake n'njachidule: amene wabwera wadutsa. M'magulu imaononga zambiri. Kawirikawiri timu yobwera imapatsidwa chipambano cha 3-0 patebulo, ndipo m'gulu la masewero atatu okha zigoli zitatu zaulerezo zikhoza kugamula gulu lonse. Ndi bwino kulemba kuti timu imene yalephera kubwera kamodzi yachotsedwa, zotsatira zake zonse zafufutidwa, ndipo awiri otsalawo akumane kawiri, zigoli n'kuphatikizidwa. Mipata imene timu yochotsedwayo ikadasewera ndiyo igwiritsidwe ntchito, ndipo aliyense aseweranso kawiri monga mudalonjezera. Lembaninso nthawi yodikira, mphindi 15 n'zokwanira, komanso kuti timu yokhala ndi osewera ochepera 7 singayambe masewero, monga Lamulo 3 linenera. Ngati mukukayika kuti matimu angapo sangakwanitse kubwera masabata onse awiri, chimenecho chokha ndi chifukwa chokwanira chosankhira chipulula.

Chachitatu ndi kagawidwe ka magulu. Popeza wodutsa ndi mmodzi, matimu awiri amphamvu akagwera gulu limodzi, imodzi ituluka msanga pamene gulu lina likutumiza timu yofooka. Matimu anayi odziwika kuti ndi amphamvu aikidwe m'magulu osiyana, otsalawo alowe mwa maere.

Masiku akachepa kuposa apa

Tsiku limodzi likachoka, n'kutsala atatu, magulu a matimu atatu akuthekabe koma movutikira. Masewero 12 a m'magulu ayenera kulowa m'masiku awiri, 6 patsiku, zigawo za mphindi 30, ndipo m'gulu lililonse timu imodzi isewera kawiri tsiku limodzi. Ikani masewero ake awiriwo wina m'mawa wina madzulo.

Akatsala masiku awiri, magulu aiwalike. Ngakhale chipulula cha matimu 12 chili ndi ndime zinayi, ndiye ziwiri patsiku. Tsiku loyamba liyenera kunyamula masewero 8, ndipo mphindi 540 kuzigawa pa 8 zikupereka mphindi 67 pa mpata uliwonse. M'menemo mungalowe zigawo za mphindi 20, kupuma mphindi zisanu, mapenate ndi kusinthana, popanda chotsala. Mpira wa mphindi 40 umagamulidwa kawirikawiri ndi chigoli chimodzi kapena mapenate. Apa komiti ili ndi njira ziwiri zenizeni. Ikhoza kupeza bwalo lachiwiri la tsiku loyamba lokha, kuti masewero anayi a ndime yoyamba aseweredwe awiriawiri m'mawa ndi anayi otsatira awiriawiri masana, zigawo za mphindi 30. Kapena ikhoza kutseka kalembera pa matimu 8, n'kukhala ndi masewero 7: anayi athunthu tsiku loyamba, awiri m'mawa wa tsiku lachiwiri ndi fainolo madzulo ake.